Paketi ya dzulo sikuuzani kanthu za paketi ya lero

Makolo, aphunzitsi ngakhalenso achipatala ena akamalangiza achinyamata amakonda kunena kuti mankhwala ozunguza bongo onse ndi amodzi, onse amawononga, ndipo palibe chosiyanitsa. Cholinga chawo ndi chabwino ndipo ndimachilemekeza. Koma pa nkhani ya masamba osuta amene amagulitsidwa m'timapaketi tonyezimira tokhala ndi mayina ngati Spice ndi K2, malangizo amenewa amavulaza anthu omwewo amene tikufuna kuwateteza. Mnyamata amene anasutapo chamba n'kudzuka m'mawa ali bwinobwino akamva kuti zonse ndi zofanana, iye amamva kuti Spice ndi chamba cha mtundu wina basi, ndipo adzadzukanso bwinobwino. Apa ndi pamene pali ngozi. Chamba chili ndi zoopsa zake, ndipo ndizitchula. Koma wosuta chamba amatha kuphunzira kuchokera pa zimene zinamuchitikira dzulo. Wosuta Spice sangaphunzire kanthu, chifukwa chimene anasuta dzulo si chimene wagula lero, ngakhale paketi itakhala ya dzina lomwelo, chithunzi chomwecho, wogulitsa yemweyo.

Masamba amene ali m'paketimo alibe mphamvu yoledzeretsa munthu. Kawirikawiri amakhala masamba ouma a zomera wamba monga damiyana, ndipo ntchito yawo ndi kunyamula mankhwala komanso kuyaka. Choledzeretsa ndi ufa wopangidwa m'labotale. Opanga amausungunula mu asetoni kapena mu mowa wa sipiriti, amapopera kapena kuthira madziwo pa masamba, amasakaniza, n'kuyanika. Asetoni akauluka, mankhwala amatsalira atamatirira pa masamba, osaoneka ndi maso, opandanso fungo loti munthu angawadziwire. Kenako amalongedza, n'kulemba pa paketi kuti ndi zofukiza zonunkhiritsa m'nyumba, zosayenera kudyedwa kapena kusutidwa ndi munthu. Mawu amenewo sanawalembere wogula. Anawalembera apolisi ndi makhoti.

Timapaketi timeneti titayamba kuoneka ku Ulaya cha m'ma 2004, anthu ambiri ankakhulupiriradi kuti akusuta zitsamba. Zinatenga zaka kuti chinsinsi chiululike. Mu Disembala 2008 akatswiri a ku Germany anapeza m'masambamo mankhwala otchedwa JWH-018. Zilembo zitatuzo ndi za dzina la John W. Huffman, katswiri wa pa yunivesite ya Clemson ku America, amene gulu lake linapanga mankhwala mazanamazana a mtundu umenewu. Sankawapangira anthu osuta. Ankafuna kumvetsa mmene thupi limalandirira mphamvu ya chamba, ndipo ankawayesa pa maselo ndi pa nyama. Njira zopangira zinasindikizidwa m'magazini a sayansi monga mwa nthawi zonse, ndipo ena anaziwerenga ndi maso a malonda. Mankhwala amene anthu akusuta mpaka lero ndi a mtundu umenewo, amene sanayesedwepo pa munthu kuti tidziwe muyeso wake asanafike m'manja mwa ogula.

Kuti timvetse chifukwa chake amachita zinthu zimene chamba sichichita kawirikawiri, tiyenera kuyang'ana mu ubongo. Pa maselo a ubongo pali timalo tolandirira uthenga totchedwa CB1. Thupi limadzipangira lokha timankhwala timene timagwira pa timalo timeneti, ndipo ndi njira imodzi imene ubongo umachepetsera kapena kuwongolera mauthenga okhudza kukumbukira, njala, ululu, mantha ndi kayendedwe ka thupi. Choledzeretsa cha mu chamba ndi THC, ndipo nayenso amagwira pa CB1 pomwepo. Kusiyana kuli pa zimene zimachitika akagwira. Yerekezani kuti CB1 ndi mpopi wa madzi. THC amatsegula mpopiwo pang'ono chabe, ndipo ngakhale mutaonjezera THC wochuluka bwanji, mpopi uliwonse umakhalabe wotseguka mwatheka. Mankhwala ambiri a mu Spice amatsegula mpopi wonse mpaka pamapeto, ndipo amagwira mwamphamvu kuposa THC.

Ichi ndi chifukwa chake munthu wosuta chamba chambiri nthawi zambiri amafika pa malire ena. Amatha kuchita mantha, mtima kuthamanga, kusanza, kusokonezeka maganizo, kapena kungogona. Ndi zowawa, ndipo zina zimafikitsa munthu ku chipatala, koma kufa chifukwa cha kuchuluka kwa THC yekha ndi chinthu chosowa kwambiri. Kwa Spice malire amenewo palibe. Muyeso ukakwera, mphamvu imakwerabe, mpaka pamene munthu amagwa n'kumaphupha ngati wa khunyu, amakomoka osadzutsika, mtima umagunda mosalongosoka, kapena amachita ukali woti anthu anayi sangamugwire. Palinso china. Chiwindi chikamaphwanya THC, chimatulutsa chidutswa chimodzi chachikulu chokhala ndi mphamvu, chimene posakhalitsa chimasanduka chinthu chopanda mphamvu. Koma pa mankhwala ngati JWH-018, zidutswa zingapo zimene chiwindi chimatulutsa zimakhalabe ndi mphamvu yogwira pa CB1. Thupi likamayesa kuchotsa poizoni, limakhala likupanga wina.

Ena amati kusiyana kuli pa CBD, chinthu china cha mu chamba chimene sichiledzeretsa, chomwe mu Spice mulibe. Ndi zoona kuti mulibe. Koma ine sindingatsamire pamenepo, chifukwa chamba chambiri champhamvu chimene chimagulitsidwa masiku ano chili ndi CBD wochepa kwambiri, komabe sichigwetsa anthu makumi atatu pa msewu umodzi m'mawa umodzi.

Zimenezo zinachitikadi. Pa 12 Julayi 2016, m'dera la Bedford-Stuyvesant ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, anthu 33 anapezeka ataledzera mwachilendo m'misewu yoyandikana. Ena anali atagona pansi, ena ataima chilili, maso ali gwa, akubuula, akusuntha manja ndi miyendo pang'onopang'ono ngati ndondocha, osayankha akafunsidwa. Anthu 18 anatengeredwa ku zipatala. Apolisi anatola paketi yolembedwa kuti AK-47 24 Karat Gold, ndipo akatswiri a ku San Francisco atayeza masamba ake anapeza mankhwala otchedwa AMB-FUBINACA, pafupifupi mamiligalamu 16 pa galamu iliyonse. Magazi a odwala asanu ndi atatu anayezedwa, ndipo mwa onsewo munapezeka chidutswa chimene thupi limatulutsa likaphwanya mankhwala amenewa. Mankhwala enieniwo anali atasowa kale m'magazi. Kanthu kameneka ndi kofunika: woyeza amene sadziwa chidutswa choyenera kufunafuna angathe kunena kuti magazi alibe kanthu, wodwala ali gone patsogolo pake.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nambala ya 16 imaoneka yaing'ono. Chamba chokhala ndi THC wa magawo 10 pa 100 alionse chili ndi mamiligalamu 100 a THC pa galamu. Munthu akapichira theka la galamu, mu nduduyo muli mamiligalamu 50. Ndudu yofanana kukula ya paketi ya ku Brooklyn ija inali ndi mamiligalamu 8 okha. Koma poyesa pa maselo m'labotale, AMB-FUBINACA anapezeka kuti ndi wamphamvu kuposa THC maulendo 85. Nambala imeneyi ndi ya maselo a m'mbale yoyezera, ndipo sitingaichulukitse molunjika n'kunena kuti munthu analedzera maulendo akutiakuti. Chimene ikutiuza ndi chakuti muyeso wokwanira kuledzeretsa munthu ndi wochepa kuposa miligalamu imodzi, kachidutswa koti maso sangakaone bwino, pamene ndudu imodzi inanyamula mamiligalamu 8. Wosuta amene anazolowera kukoka utsi kasanu kapena kakhumi pa ndudu ya chamba amakhala atapyola malire pa kukoka koyamba kapena kwachiwiri.

Apa ndi pamene nzeru ya wosuta chamba imalephera. Chamba akachisuta, mphamvu yake imabwera m'mphindi zochepa ndipo imakwera mwapang'onopang'ono moti munthu amatha kumva kuti zakwana, n'kuzimitsa ndudu. Chamba champhamvu ndi chofooka zimasiyana, koma kusiyanako kuli ndi malire amene chomera chimaika chokha, pakuti ngakhale maluwa amphamvu kwambiri THC wake safika patali kuposa magawo 30 pa 100. Munthu amathanso kuona, kununkhiza, kugwira. Pa Spice, mtunda wa pakati pa kuledzera ndi kukomoka ndi waufupi kwambiri, ndipo mphamvu imafika msanga. Pamene thupi likumuuza munthu kuti basi, mankhwala amakhala atalowa kale onse m'magazi.

Tsopano ganizirani mmene mamiligalamu 16 aja amafikira pa tsamba. Wopanga ali ndi kilogalamu imodzi ya masamba ndi magalamu 16 a ufa. Kuti galamu iliyonse ilandire gawo lofanana pamafunika makina ndi luso la kampani yopanga mankhwala a chipatala, yomwe imayeza zotuluka zake mobwerezabwereza. Malo amene apolisi akhala akuwapeza ndi magalaja ndi nyumba zosungiramo katundu, mmene anthu amasakaniza pa malona oyala pansi, m'mabeseni, kapena m'makina osakanizira simenti, akupopera ndi botolo la m'munda. Madzi amatsikira pansi pa mulu, ndipo masamba a pansi amamwa ambiri. Tizidutswa tating'ono ndi fumbi la masamba zimagwira mankhwala ambiri kuposa timitengo. Pouma, ena amasanduka timiyala tosaoneka timene timayoyoka n'kudikha pansi pa thumba. Kilogalamu ija ikagawidwa m'mapaketi a magalamu atatu, pamatuluka mapaketi oposa 300, ndipo palibe amene wayeza ngakhale limodzi. Tiyerekeze kuti malo ena a muluwo alandira kasanu kuposa muyeso umene wopanga amafuna. Pamenepo pali mamiligalamu 80 pa galamu, ndipo malo ena pafupifupi palibe kanthu. Anthu awiri agawana paketi imodzi, wina akudandaula kuti anamubera ndalama, mnzake ali pansi akuphupha. Kapena munthu mmodzi yemweyo wasuta masamba a pamwamba masiku angapo popanda vuto, wazolowera kupichira ambiri chifukwa ndi ofooka, ndiye tsiku lomaliza wakhuthula fumbi la pansi pa paketi.

Ndikamva anthu akunena kuti uje anagwa chifukwa mutu wake ndi wofooka, kapena chifukwa anali wosazolowera, mtima umandipweteka. Kulankhula kumeneko kumapatsa otsalawo chilimbikitso chabodza. Ozolowera nawonso amagwa, ndipo chimene chinasiyana tsiku limenelo ndi zimene zinali pa tsamba.

Kusakaniza koipa ndi theka la vuto. Theka lina ndi lakuti mankhwalawo amasinthasintha, ndipo apa ndiyenera kunena zimene ena safuna kumva: malamulo athu anathandizira kusinthaku. Germany italetsa JWH-018 mu Januwale 2009, sipanapite milungu yambiri kuti m'mapaketi mupezeke JWH-073, m'bale wake wosiyana pang'ono chabe, amene lamulo silinamutchule. Kuyambira pamenepo wakhala mpikisano. Boma likaletsa dzina limodzi, opanga amasintha kachigawo kamodzi ka mankhwalawo n'kutulutsa atsopano. Pofika mu 2020, bungwe la mayiko a ku Ulaya loona za mankhwala ozunguza bongo linali likutsatira mitundu yoposa 200. Ndipo mitundu yatsopano inkakonda kukhala yamphamvu kuposa yakale, chifukwa ufa wamphamvu umafunika wochepa, subvuta kuubisa m'kaphukusi ka pa positi, ndipo umabweretsa phindu lalikulu. Kafukufuku wa ku Brooklyn uja anasonyeza kuti AMB-FUBINACA anaposa JWH-018 maulendo 50 pa maselo. Taganizirani wosakaniza amene anaphunzira ntchito yake pa ufa wakale, n'kulandira thumba la ufa watsopano wooneka chimodzimodzi, woyera, wopanda chizindikiro chodalirika. Akagwiritsa ntchito muyeso umene anauzolowera, mulu wonse umakhala poizoni. Ndi chifukwa chake mavuto a Spice amabwera ngati mliri, anthu ambiri kugwa m'dera limodzi pa masiku ochepa, kenako zii. Ku Mississippi mu 2015 anthu oposa 1,000 anathamangira ku zipatala m'milungu yochepa. Ku New Zealand, AMB-FUBINACA yemweyo anapha anthu makumi angapo mu 2017 ndi 2018.

Mtundu uliwonse umabweranso ndi matenda ake. Mu 2012 ku America kunapezeka anthu 16 m'madera asanu ndi limodzi, ambiri a iwo achinyamata, amene impso zawo zinasiya kugwira bwino ntchito mwadzidzidzi atasuta, ndipo angapo anafunika makina osefa magazi. Pa zinthu zina zimene anasuta panapezeka mankhwala otchedwa XLR-11. Iwo anafika ku chipatala ndi nseru, kusanza ndi kupweteka kwa m'mimba ndi msana. Palibe wosuta chamba amene akanayembekezera zimenezo, ndipo palibe amene akanawachenjeza, chifukwa mankhwalawo anali atangotulukira kumene.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi cha mu 2018. Kuyambira mu Malichi chaka chimenecho, ku Illinois anthu anayamba kufika ku zipatala akukodza magazi, akutuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, ali ndi mikwingwirima pathupi osamenyedwa ndi munthu. Onse anali atasuta Spice, ndipo m'magazi mwawo munapezeka burodifakumu, mankhwala ophera makoswe amene amaletsa magazi kuundana. Ku Illinois kokha odwala anapitirira 150 ndipo anayi anamwalira, kenako zinafalikira ku madera ena. Mankhwala a makoswe amenewa amakhalitsa m'thupi, moti opulumuka ankamwa vitamini K wochuluka tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Zizindikiro sizinkabwera pa nthawi yosuta. Zinkabwera patapita masiku, munthu ataiwala kale za paketi ija. Ku Sierra Leone, kumene pulezidenti Julius Maada Bio analengeza mu Epulo 2024 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha masamba osuta otchedwa kush, kuyeza kunasonyeza kuti ena ali ndi mankhwala a mtundu wa Spice, ena ali ndi mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la heroini, ena ali ndi zonse ziwiri. Tsamba lopoperedwa limalandira chilichonse chimene wopopera wathira m'botolo.

Wina anganditsutse kuti, kodi chamba nacho ndi chodalirika? Ayi, si chodalirika kotheratu. Chamba cha masiku ano m'mayiko ambiri ndi champhamvu kuposa cha zaka makumi atatu zapitazo. Amene amayamba ali wamng'ono n'kumasuta chamba champhamvu tsiku ndi tsiku ali pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a misala, makamaka ngati m'banja mwawo alimo kale. Chimayambitsa chibaba, chimasokoneza maphunziro, ndipo kuyendetsa galimoto utasuta ndi kuika moyo wa ena pachiswe. Chophikidwa m'zakudya chimachedwa kugwira, ndipo anthu amadya mopyola muyeso. Zonsezi ndimazivomereza. Koma zoopsa za chamba ndi zodziwika, zafufuzidwa kwa zaka zambiri kuchokera pamene THC anapezeka mu 1964, ndipo zambiri zimakula ndi kuchuluka kwa zimene munthu wasuta komanso zaka zimene wasuta. Zoopsa za Spice zimatha kufika zonse pa kukoka kumodzi. Kafukufuku wina wamkulu wofunsa osuta a m'mayiko ambiri anapeza kuti mwayi wofuna chithandizo cha mwadzidzidzi unali wokwera pafupifupi maulendo 30 kwa osuta Spice poyerekeza ndi osuta chamba.

Wina anganenenso kuti kulankhula motere ndi kulimbikitsa chamba. Ndikumvetsa nkhawa imeneyo, makamaka ikachokera kwa kholo. Koma taonani amene amasuta Spice. Ambiri si ana oyamba kumene. Ndi anthu amene amasuta kale chamba, ndipo china chake chawakankhira ku Spice. Chimodzi mwa zinthu zimenezo ndi kuyezedwa mkodzo. Zidutswa za THC zimatha kuoneka mu mkodzo wa wosuta kwambiri kwa milungu ingapo, pamene zoyezera wamba siziona mankhwala a mu Spice. Ndiye mkaidi, msilikali, wogwira ntchito kapena womasulidwa pa belo amene akuopa kugwidwa amasiya chamba n'kutenga chinthu choopsa kuposa. Pa pepala la ofesi mkodzo wake ndi woyera, ndipo aliyense amakhutira. M'ndende za ku Britain mankhwalawa afika polowa atanyowetsedwa pa makalata, akaidi n'kumadula pepalalo tizidutswa n'kumasuta, ndipo pa pepala kusafanana kwa muyeso kumakhalapo ngati pa masamba. Amene amakhazikitsa malamulo oyeza mkodzo ayenera kudzifunsa ngati akuchepetsa ngozi kapena akungoisamutsira kumene sakuiona. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri akuisamutsa.

Sindikunena kuti kuletsa n'kopanda ntchito. Britain itakhazikitsa mu 2016 lamulo loletsa zinthu zonse zoterezi pamodzi m'malo moletsa dzina limodzilimodzi, masitolo amene ankagulitsa poyera anatsekedwa, ndipo mwana wa sukulu sakanangolowa n'kugula. Chimenecho ndi chabwino. Koma malonda anasamukira m'misewu, ndipo anatsalira kwa anthu osowa pokhala ndi akaidi, anthu amene amafuna chinthu chotchipa choiwalitsa tsiku. China nayo inaletsa gulu lonse mu Julayi 2021, ndipo opanga anayankha potulutsa mitundu imene ili kunja kwa tanthauzo la lamulo, komanso potumiza mankhwala osamalizidwa kuti ogula akamalizitse okha. Womalizitsa ufa m'chipinda chakumbuyo amawonjezera malo ena amene zinthu zingalakwike. Lamulo lokha silinapangitsepo paketi iliyonse kukhala yodziwika za m'kati mwake.

Palinso chifukwa china chimene anthu amalepherera kusiya ngakhale ataona anzawo akugwa. Mphamvu ya mitundu yambiri imatha msanga, ndipo thupi limazolowera mofulumira. Wosuta kwambiri amafika posuta pafupifupi ola lililonse, kudzuka usiku kuti asute. Akasiya mwadzidzidzi amatuluka thukuta, amanjenjemera, amasanza, sagona, mtima umathamanga, ndipo ena amaphupha. Kusiya chamba nakonso kumavuta, koma sikufika pamenepa kawirikawiri. Choncho kuuza munthu wotere kuti angolimba mtima n'kutaya paketi si malangizo okwanira. Amafunika kuonedwa ndi achipatala pa masiku oyambawo.

Ndiye tiwauze chiyani anthu? Tiwauze zoona zonse, kuti masamba amenewa si chamba, ndi oopsa kuposa chamba, ndipo palibe muyeso umene munthu angauphunzire. Tiwauze kuti ngakhale chimene chikuoneka ngati chamba chenicheni chingakhale chopoperedwa, monga zapezeka ku Ulaya kuyambira cha m'ma 2020, kumene chamba chofooka chimathiridwa mankhwalawa kuti chigulitsidwe ngati champhamvu, ndipo apezekanso m'madzi a ndudu zamagetsi. Chizindikiro chake ndi mphamvu yobwera msanga kwambiri ndiponso yaikulu kuposa mmene fungo ndi maonekedwe zimasonyezera. Amene wamva zimenezo azimitse pomwepo, achenjeze anzake, ndipo asakhale yekha.

Munthu akagwa, palibe mankhwala ochotsera mphamvu ya Spice. Achipatala amathandiza kupuma, amaletsa kuphupha ndi ukali ndi mankhwala ogonetsa, amapereka madzi m'mitsempha, amayang'anira mtima ndi impso mpaka thupi litachotsa lokha. Amene ali pafupi aitane thandizo msanga, amugoneke chammbali kuti masanzi asatseke njira ya mpweya, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo ngati akuchita ukali asamupanikize chafufumimba, chifukwa kupanikiza pachifuwa kapena pamsana munthu amene mtima wake ukuthamanga kale kungamuphe. Nalokisoni, mankhwala odzutsa amene wapyola muyeso wa heroini, sagwira ntchito pa Spice. Komabe ngati munthu akupuma movutikira kapena mwapatalipatali ndipo nalokisoni alipo, aperekedwe, pakuti palibe amene akudziwa ngati m'masambamo munalibe mankhwala a gulu la heroini. Paketi kapena zotsala zipite naye ku chipatala, ndipo operekeza anene zoona za chimene wasuta, chifukwa kuyeza mkodzo kwa wamba sikudzawauza madokotala.

Kwa aboma ndi azaumoyo, chimene ndikupempha ndi chakuti zotsala zimenezo ziziyezedwa m'labotale mwachangu, ndipo zotsatira zizilengezedwa kwa osuta, kwa ogwira ntchito m'misewu ndi m'ndende ndi kwa anamwino a m'zipinda za odwala mwadzidzidzi, mulu womwewo usanathe kugulitsidwa. Kuyeza kumene kumangodikira mlandu wa kukhoti kumafika miyezi itapita, ogulitsa atasintha kale ufa. Ku Illinois madokotala atadziwa kuti m'masamba muli mankhwala a makoswe, anayamba kufunsa aliyense wotuluka magazi mosadziwika bwino ngati anasutapo Spice m'masiku apitawo, n'kuyeza kaundanidwe ka magazi ake nthawi yomweyo.